5 peresenti ya chiyani? Zomwe tinapeza m'pepala la ngongole ya kalabu

Wobwereketsa ndalama akabwera ku kalabu ya alimi amatchula nambala imodzi, ndipo anthu amabwerera kunyumba ali ndi nambala yomweyo m'mutu. Akati 5 peresenti pamwezi, munthu amaiyerekeza ndi katapila, kapena ndi banki mkhonde yake kumene amabwerekana pa 20 peresenti, n'kuona kuti apa mpotchipa. Koma 5 peresenti payokha sikuuza munthu ndalama zomwe adzabweze. Pamafunika kudziwa kuti ikuwerengedwa pa ndalama ziti, kuti m'manja mulowa zingati, kuti kubweza kuyamba liti, komanso kuti chidzachitike n'chiyani mwezi umene mmodzi wa inu adzalephere. Mayankho a mafunso amenewa amakhala m'pepala lomwe anthu amasaina, kawirikawiri m'Chingerezi, m'masamba a kumapeto omwe palibe amawawerengera anzake mokweza.

Mlamu wanga ali m'kalabu ya anthu khumi olima kunja kwa tauni, cha ku Lusangazi. Ena mwa iwo ali ndi madimba a tomato, kabichi ndi mpiru, ndipo amagulitsa ku Zigwagwa pafupifupi chaka chonse. Ena amadalira chimanga ndi soya za mvula basi. Ambiri anabwera ku Mzuzu kuchokera m'maboma osiyanasiyana, motero misonkhano yawo imayenda m'Chichewa. Poti ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, mlamu wanga anandipempha kuti ndikawawerengere mgwirizano womwe bungwe lina lobwereketsa linawasiyira. Ndinapempha zinthu ziwiri ndisanapite: pepala lonse, osati tsamba losainapo lokha, ndiponso ndondomeko ya kabwezedwe yosonyeza tsiku ndi ndalama za mwezi uliwonse. Ndondomekoyo sinali m'mapepala omwe anapatsidwa, mpaka msungichuma anachita kukaitenga ku ofesi. Aliyense amene akufuna kuthandiza kalabu pa nkhani ngati iyi ayambire pomwepo, chifukwa popanda ndondomekoyo mumangokambirana zongoganizira.

Pepalalo linkati kalabu ibwereka K3,000,000, kutanthauza K300,000 munthu aliyense. Ndalama zituluka mu Novembala, kubweza kukhala kwa miyezi isanu ndi umodzi, pa 10 mwezi uliwonse, kuyambira Disembala mpaka Meyi. Chiwongoladzanja ndi 5 peresenti pamwezi, ndipo pambali pake panali mawu amodzi omwe maofesala a ngongole amatchula kuti fulati. Pa bolodi sitinalembepo mamiliyoni ayi. Tinatenga K300,000 ya munthu mmodzi, chifukwa imeneyo ndi ndalama yomwe aliyense amaiona m'maganizo ngati matumba a feteleza.

Ndinaika miyala isanu ndi umodzi patebulo, mwala uliwonse kuimira K50,000. Ndinapempha msungichuma kuti ndiye agwire foni n'kumawerengera, ine ndizingofunsa. Chiwongoladzanja cha fulati chimawerengedwa pa ndalama yonse yomwe munabwereka tsiku loyamba, ndipo sichisintha mpaka kumapeto. 5 peresenti ya K300,000 ndi K15,000. Mwezi uliwonse mubweza mwala umodzi wa K50,000 kuphatikiza K15,000, zonse pamodzi K65,000. Pa miyezi isanu ndi umodzi chiwongoladzanja chikwana K90,000, ndipo zonse zomwe mudzatulutse ndi K390,000. Mpaka apa palibe anadandaula. Bambo wina anati K90,000 pa K300,000 si zoopsa, ndipo ndinaona mitu ikugwedezeka movomereza.

Kenako tinabwereza, koma tsopano tikuchotsa mwala umodzi patebulo mwezi uliwonse n'kuwerengera 5 peresenti pa miyala yotsala yokha. Iyi ndi njira ina yowerengera, imene chiwongoladzanja chimatsika pamene ngongole ikutsika. Mu Disembala miyala yonse ilipo, ndiye chiwongoladzanja ndi K15,000, chimodzimodzi ndi poyamba paja. Mu Januwale yatsala isanu, K250,000, chiwongoladzanja K12,500. Mu Febuluwale K10,000, mu Malichi K7,500, mu Epulo K5,000, ndipo mu Meyi, pamene patsala mwala umodzi, K2,500 yokha. Msungichuma ataphatikiza anapeza K52,500. Anawerengeranso kachiwiri asananene, kenako anati, "Apampando, apa pali kusiyana kwa K37,500 munthu mmodzi." Kwa anthu khumi imeneyo ndi K375,000, yoposa ngongole yathunthu ya munthu mmodzi. Njira zonse ziwirizi zimatchedwa 5 peresenti pamwezi, ndipo onse ozitchula choncho sakunama.

Ndinabwezera mwala umodzi patebulo n'kufunsa kuti mu Meyi, pa njira ya fulati, mukulipira zingati pa mwala umenewu. Yankho ndi K15,000 pa K50,000, yomwe ndi 30 peresenti mwezi umenewo. Mayi wina wachikulire, yemwe anali chete nthawi yonseyi, anati, "Ndiye kuti tizilipirabe lendi ya zipinda zomwe tinatulukamo kale." Sindinawonjezerepo kanthu, chifukwa aliyense anamva. Mukafuna kuyerekeza ngongole ya fulati ndi ya chiwongoladzanja chotsika, dziwani kuti pa miyezi isanu ndi umodzi yobweza mwezi ndi mwezi, 5 peresenti ya fulati imaposa pang'ono 8 peresenti ya njira inayo. Choncho wina akakuuzani 7 peresenti yotsika, wina 5 peresenti ya fulati, wotchipa ndi wa 7 uja, ngakhale khutu likukana.

Panali ndime ina yaifupi yonena za zochotsedwa ndalama zisanaperekedwe. 3 peresenti ndi yoyendetsera mapepala, K9,000. 1 peresenti ndi inshuwalansi, K3,000. Kenako 10 peresenti, K30,000, imasungidwa ku bungwelo ngati chikole mpaka ngongole itatha. Munthu wosainira K300,000 alandira K258,000 m'manja, koma chiwongoladzanja chiwerengedwabe pa K300,000. Apa mpamene nkhope zinasintha, chifukwa ambiri anali atagawa kale K300,000 yonse m'mutu: yakuti feteleza, yakuti mbewu, yakuti aganyu opalira. Zonse zikayenda bwino K30,000 ija imabwerera kumapeto, ndiye mtengo weniweni wa ngongoleyi ndi K102,000, kutanthauza K90,000 ya chiwongoladzanja ndi K12,000 ya mapepala ndi inshuwalansi. Mukawerengera ndalama yomwe yagwiradi ntchito m'munda, ndi nthawi yomwe yakhala m'manja mwanu, mtengowu ukufika cha m'ma 11 peresenti pamwezi. Za inshuwalansiyo tinawerenganso bwino: inali yolipira ngongole munthu akamwalira, osati mbewu zikaonongeka ndi mvula kapena mbozi. Anthu angapo ankaganiza kuti munda ukakanika inshuwalansi iwaombola.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti bungwelo ndi la akuba. Kutumiza ofesala pa njinga yamoto kukayendera anthu khumi obwereka ndalama zochepa kumadya ndalama, ndipo nawonso amabwereka kwina pa mtengo wokwera. Chiwongoladzanja chomwe banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, imakhazikitsa chinali 12 peresenti pachaka mu 2021, koma pofika mu 2024 chinali pa 26 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Wobwereketsa aliyense amaziganizira zimenezi. N'chifukwa chake m'mapepala ena mumakhala ndime yolola bungwe kukweza chiwongoladzanja ngongole ili mkati. M'pepala la kalabuyi munalibe, ndipo ndinawauza kuti imeneyo ndi mbali yabwino ya mgwirizanowu. Chimene chimandipweteka ine ndi chakuti mtengo weniweni umapezeka pokhapokha munthu atakhala pansi ndi miyala ndi foni, pamene ofesala akanatha kuunena m'mawu awiri: mulandira zakuti, mubweza zakuti.

Koma nkhani yomwe ndinkafuna kuti tikhalepo nthawi yaitali sinali kukula kwa chiwongoladzanja. Inali masiku obwezera. Ndinalemba miyezi isanu ndi umodzi ija pa bolodi, ndipo pansi pa mwezi uliwonse ndinafunsa munthu aliyense kuti K65,000 ya mwezi umenewo idzachokera kuti. A madimba anali ndi mayankho, ngakhale anavomereza kuti tomato wa nthawi ya mvula amavuta ndi matenda ndipo amafuna mankhwala ambiri. A chimanga ndi soya analibe yankho la Disembala, la Januwale, la Febuluwale, ngakhale la Malichi. Imeneyi ndi miyezi yomwe m'nyumba zambiri ufa umakhala wogula, komanso mu Januwale ana amafuna fizi. Kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya kusiyana ndi kumwera, moti chimanga chimauma mochedwa, ndipo amene akufuna mtengo wabwino sagulitsa chikangochoka m'munda. Ngongole yotha pa 10 Meyi imatha mlimi wa chimanga asanagwire ndalama ya chimangacho. Wotero amabweza ngongole ndi ndalama ya ngongole yomweyo, kusunga K65,000 ya Disembala m'malo mogulira feteleza wobereketsa, kapena amakabwereka ku banki mkhonde pa 20 peresenti kuti atseke ya 5 peresenti.

Pali chinthu china chomwe chinawadabwitsa. Bungwelo likanalola kuti munthu abweze zonse kamodzi pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi, pa 5 peresenti yomweyo, chiwongoladzanja chikanakhala K90,000 yomwe ija. Koma pamenepo K90,000 ikanakhala yachilungamo, chifukwa miyala yonse isanu ndi umodzi yakhala m'manja mwanu nthawi yonseyo. Ndalama yobweza ndi imodzi, K390,000, koma ngongole ziwirizi n'zosiyana kutalitali kwa mlimi wa mbewu za mvula. Chofunika kufunsa pa ngongole yobweza kamodzi n'chakuti chiwongoladzanja chosalipidwacho chikuberekanso kapena ayi. Ngati mwezi uliwonse chikuphatikizidwa ku ngongole n'kumawerengedwanso 5 peresenti, K300,000 imakwera mpaka kupitirira pang'ono K402,000, osati K390,000. Funso lomweli lifunsidwe pamene akuuzani kuti akupatsani miyezi iwiri yopuma musanayambe kubweza. Nthawi zambiri chimene chimapuma ndi kubweza kokha, chiwongoladzanja chimakhala chikuyendabe.

Titafika pa chikole, wapampando anati iwo anauzidwa kuti ngongole ya gulu ilibe chikole. Pepalalo linali ndi zikole zitatu. Choyamba ndi K30,000 ya munthu aliyense ija, yomwe pamodzi ndi K300,000. Ndime yake inkati bungwe likhoza kutapa m'ndalama imeneyi kulipira ngongole ya membala wina aliyense, osati ya mwini ndalamayo yekha, ndipo siibwezedwa mpaka kalabu yonse itamaliza. Ndiye kuti munthu wobweza bwino miyezi yonse akhoza kufika Meyi n'kupeza kuti K30,000 yake inapita kale kukatseka dzenje la mnzake.

Chachiwiri chinali tsamba lomwe munthu aliyense amalembapo katundu wake. Dziko lino lili ndi lamulo la 2013 lolola kuti katundu wonyamulika, monga ziweto, makina ngakhale zokolola, akhale chikole chovomerezeka, ndipo wobwereketsa amatha kukalembetsa chikolecho m'kaundula wa boma. Lamuloli linathandiza anthu opanda nyumba ya mapepala kuti nawonso azitha kubwereka, koma likutanthauzanso kuti zolembedwa patsambalo si zoopsezera chabe. Ena anali atadzaza kale ndi pensulo, ndipo wina analemba kuti "katundu wa m'nyumba". Ndinamupempha kuti afufute. Mawu otere alibe malire, akhoza kutanthauza wailesi, akhozanso kutanthauza matilesi ndi mapoto. Chikole chilembedwe chimodzichimodzi: pampu yothirira ya mtundu wakuti, nambala yake yakuti, mtengo womwe mwagwirizana wakuti. Ngati ndi mbuzi, zingati, zazikazi kapena atonde, ndipo kodi ana obadwa ngongole ili mkati alowa nawo? Ndinawapempha kuti asalembe chinthu chomwe chimabweretsa ndalama yobwezera ngongoleyo ngati pali china choti n'kulemba, chifukwa wa dimba akalandidwa pampu walandidwa ndi njira yolipirira zotsalazo. Ndinafunsanso ngati amuna kapena akazi awo akudziwa zomwe zalembedwa. Mayi wina anaseka pang'ono n'kunena kuti njinga yomwe analembayo ndi ya bambo a kunyumba, ndipo sanawauze. Tinagwirizana kuti tsambalo lipite kaye kunyumba.

Za malo tinadutsapo mwachangu. Minda ya ambiri ndi ya makolo kapena yobwereka, yopanda chikalata cha umwini, ndipo bungwelo silinkaifuna. Bambo mmodzi ali ndi poloti ya mapepala m'tauni, ndipo anafunsa ngati angailembe kuti apatsidwe zambiri. Ndinamuuza maganizo anga osabisa: poloti siyenera kuikidwa pa ngongole ya nyengo imodzi ya chimanga, makamaka ngongole yomwe mukusenzerana ndi anthu ena asanu ndi anayi.

Chikole chachitatu ndi anthu eniakewo. Ndime yake inkati mamembala ali ndi udindo wobweza onse pamodzi komanso aliyense payekha. Gawo loyambalo onse ankalidziwa, ndipo wapampando anati mutu umodzi susenza denga, wina akagwa tidzamudzutsa. Gawo lachiwirilo ndi lomwe sanalimve. Likutanthauza kuti bungwe silikakamizidwa kugawa ngongole ya wolepherayo mofanana kwa otsalawo. Likhoza kusankha munthu mmodzi, amene likuona kuti ali ndi katundu wogwirika, n'kumufunsa ndalama yonse yotsala ya kalabu, kenako iyeyo azikalimbana yekha ndi anzake kuti amubwezere. Aliyense anatembenukira kwa bambo wa poloti uja. Iye anafunsa kuti, "Achimwene, ndiye kuti ine ndikusainira K300,000 kapena K3,000,000?" Ndinayankha kuti mulandira gawo la K300,000, koma dzina lanu likuimira ngongole yonse.

Tsopano ndime za kulephera kubweza. Ambirife timaganiza kuti wolephera ndi amene wathawa kapena wakana kulipira. M'pepalali munthu amakhala wolephera akachedwa ngakhale tsiku limodzi, akapereka ndalama yoperewera, akagulitsa kapena kusamutsa chikole osauza bungwe, kapena zikapezeka kuti analemba zabodza pofunsira ngongole. Mayi wa njinga uja akanakhala wolephera kuyambira tsiku losaina, ngakhale akanamabweza mokhulupirika. Kuti zimveke, tinatenga munthu wongoyerekeza, osatchula dzina la aliyense, n'kumuyendetsa m'ndime zonse motsatana. Wabweza Disembala ndi Januwale. Pa 10 Febuluwale mwana wake ali m'chipatala ndipo K65,000 palibe. Zomwe zatsala pa ndondomeko yake ndi miyezi inayi, K260,000.

Choyamba kumugwera ndi chindapusa cha 5 peresenti pamwezi. Funso ndi lomwe lija: ya chiyani? Ikanakhala ya ndalama yomwe yachedwayo, K65,000, chindapusa chikanakhala K3,250. Pepalalo linkati ndi ya ndalama yonse yotsala, K260,000, ndiye chindapusa ndi K13,000. Munthu akulangidwa pa ndalama za Malichi, Epulo ndi Meyi zomwe tsiku lake silinakwane n'komwe. Pa ndime zonse za m'pepalalo iyi ndi yomwe ndinaiona kuti ndi yolakwa, ndipo ndinawauza choncho.

Kenako pali ndime yooneka yosalakwa, yonena za dongosolo lomwe ndalama yanu imagawidwira ikafika ku ofesi: choyamba zolipirira kutolera ngongole, kenako chindapusa, kenako chiwongoladzanja, pomaliza ngongole yeniyeniyo. Munthu wathu uja wagulitsa mbuzi, pa 20 Febuluwale wapita ndi K65,000 yathunthu, walandira lisiti, wabwerera mtima uli m'malo. Koma m'buku la bungwe K13,000 yapita ku chindapusa, ndipo ya Febuluwale yaperewera ndi K13,000 yomweyo. Iye akudziona kuti walipira, buku likumuona kuti akadali wolephera, ndipo mwezi wotsatira chindapusa china chibwera. Ngongole zambiri zomwe anthu amati "ndinamaliza koma akundifunabe" zimayamba chonchi. Njira yodziwira ndi yosavuta: mukalipira mochedwa musangotenga lisiti, funsani kuti akulembereni ndalama yomwe yatsala ndi ngati pali ndalama ina yomwe mwatsalira m'mbuyo. Msungichuma analemba mawu amenewa pachikuto cha buku lake.

Ndime yolemera kuposa zonse inkati kulephera kukapitirira masiku 14, bungwe likhoza kuitanitsa ngongole yonse nthawi imodzi. Poti ngongoleyi ndi ya kalabu, mawu akuti yonse akutanthauza ya anthu onse khumi. Tinawerengera. Anthu asanu ndi anayi omwe alipira Febuluwale pa nthawi yake atsala ndi K195,000 aliyense, pamodzi K1,755,000. Kuphatikiza K260,000 ya mnzawo, ngati sanapereke kalikonse, ndi K2,015,000, chindapusa chisanalowe. Bungwe likhoza kufuna ndalama imeneyi pa 24 Febuluwale, chimanga chili chiwisi m'munda. Muonenso kuti m'ndalamayi muli chiwongoladzanja cha miyezi yomwe sinafike, chifukwa pepalalo silinanene kuti chichotsedwa. Mabungwe sathamangira kugwiritsa ntchito ndime yotereyi, poti nawonso amafuna ndalama yawo osati milandu, koma mphamvuyo ili m'manja mwawo, ndipo kalabu yomwe sikuidziwa imachedwa kusonkherana pamene masiku 14 akutha.

Tinamutsatira munthu wathu uja mpaka kumapeto. Ngati sanapereke kalikonse mu Febuluwale, ngongole yake ndi K273,000 pamodzi ndi chindapusa. Chikole chake ndi pampu yomwe iye amaiwerengera K450,000. Katundu wogulitsidwa mwachangu sapeza mtengo wake, ndiye tinayerekeza kuti yagulidwa K200,000, ndipo K40,000 yapita ku mayendedwe ndi zolipirira kugulitsako. Ku ngongole kwapita K160,000, kwatsala K113,000. Achotsa K30,000 yake yosungidwa, kwatsala K83,000. Pampu yapita koma ngongole sinathe, ndipo yotsalayo igwera anzake, yoposa K9,000 aliyense ngati agawana mofanana. Ambiri ankakhulupirira kuti chikole chikatengedwa nkhani yatha. Zimatha pokhapokha ndalama yogulitsira yakwana, ndipo ikaposa, yotsalayo iyenera kubwerera kwa mwini katundu. Pepalalo linanena momveka za ndalama yoperewera, koma silinanene amene adzaike mtengo wa chikolecho, kapena masiku angati a chidziwitso chisanagulitsidwe.

Mlembi wa kalabu anafunsa kuti zikavuta angadandaule kuti. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, yomwe ili ndi nthambi konkuno ku Mzuzu, ndipo munthu amayamba kudandaula ku bungwe lomwe linamubwereketsa, zikakanika n'kupita kumeneko. Ndi bwino kufunsa musanasaine ngati bungwelo lili ndi chiphaso. Makhoti alinso ndi mphamvu younikanso ngongole yomwe chiwongoladzanja chake chapyola muyeso, koma imeneyo ndi njira yaitali kwa munthu amene pampu yake yapita kale. Ndinawakumbutsanso ndime ya pafupi ndi posainira, yolola bungwe kupereka mbiri yawo ku mabungwe osunga mbiri ya obwereka. Dzina likalembedwa kumeneko kuti silinabweze, limavutika kupeza ngongole kwina, ndipo pa ngongole ya gulu dzina la munthu wosalakwa likhoza kudetsedwa ndi kulephera kwa mnzake.

Kalabuyo inalemba zopempha zinayi m'Chichewa, ndipo wapampando ndi msungichuma anapita nazo ku ofesi. Anapempha kuti chiwongoladzanja chikhale chotsika, kuti a chimanga abweze kamodzi atakolola, kuti chindapusa chiwerengedwe pa ndalama yochedwayo yokha, komanso kuti pakhale kalata ya chidziwitso ndi mtengo wogwirizana chikole chisanagulitsidwe. Za fulati bungwelo linakana, linati ndi mmene ngongoleyo inapangidwira. Za kubweza kamodzi linati lili ndi ngongole ina yotero koma nthawi yofunsira inali itadutsa. Za chindapusa ndi za chidziwitso linavomera. Ofesala ananena pakamwa poyamba, koma msungichuma anaumirira kuti zilembedwe m'pepala momwemo n'kusainidwa ndi mbali zonse, chifukwa munali ndime yonena kuti lonjezo lililonse lomwe silinalembedwe siligwira ntchito.

Anthu anayi odalira chimanga ndi soya anasankha kusatenga ngongoleyi. Asanu ndi mmodzi a madimba anatenga, awiri mwa iwo atatsitsa gawo lawo kufika K180,000, kuti ya pamwezi ikhale K39,000 m'malo mwa K65,000. Ndinawachenjeza za chinthu chimodzi chomwe kuchepa kwawo kunabweretsa: tsopano mmodzi akalephera, ngongole yake igawidwa kwa anthu asanu osati asanu ndi anayi, ndiye K83,000 ija ikhala K16,600 aliyense. Pa chifukwa chimenechi anagwirizana kuti azisonkhanitsa ndalama kwa msungichuma pa 5, masiku asanu tsiku la bungwe lisanakwane, ndiponso kuti aliyense aziponya K3,000 pamwezi m'thumba lapadera lotsekera wochedwa, yemwe adzabwezere thumbalo akagulitsa. Bambo wa poloti uja anatenga nawo, koma patsamba la chikole analembapo mbuzi zitatu ndi wilibala.